Kwa ophunzira a kalasi 11: mayankho a funso la galafu ya shapa

Ana anga, ndamaliza kuchonga ntchito ya fizikisi ya Lachitatu. Ambiri mwataya malikisi pa funso lachitatu pomwe samu yake mukuidziwa. Tengani makope tilionenso.

Shapa yanyamuka pa siteji ku Ulongwe. Pa galafu, mzere wogona ukuonetsa nthawi, t (s), woimirira ukuonetsa liwiro, v (m/s). Liwiro likukwera kuchoka pa 0 kufika pa 20 m/s m'masekondi 10, likukhala pomwepo masekondi 30, kenako dalaivala waponda buleki n'kuima m'masekondi 5. Funso likufuna mupeze mmene liwiro likusinthira ndi mtunda wonse umene shapa yayenda.

Musanagwire cholembera, ikani chala pa zilembo za m'mbali ziwirizo n'kuziwerenga. Ena mwalemba kuti pamene mzere wagona shapa inali itaima. Zikanatero galafu ikanakhala ya mtunda ndi nthawi. Apa kugona kwa mzere kukutanthauza kuti ikuthamanga osawonjezera, osachepetsa: 20 m/s, yomwe ndi 72 km/h.

Kupendekeka kwa mzere ndiko kumatiuza mmene liwiro likusinthira:

a = Δv/Δt = 20/10 = 2 m/s²

Amene mwapeza 0,5 mwatembenuza, nthawi mwaiika pamwamba. Miyezo ikanakutsutsani pomwepo, chifukwa masekondi kugawa ndi m/s kumapereka s²/m, ndipo funso silikufuna zimenezo. Pa buleki mzere ukutsika, choncho yankho ndi −4 m/s². Kamzere kochotserako musamakasiye.

Mtunda ndi malo onse a pansi pa mzere, ndipo apa ndi pamene mwandidandaulitsa. Ambiri mwangochulukitsa 20 × 45 n'kulemba mamita 900, ngati kuti shapa inanyamuka ili kale pa liwiro lonse. Dulani chithunzicho patatu. Thirayango yoyamba: ½ × 10 × 20 = 100 m. Rekitango yapakati: 30 × 20 = 600 m. Thirayango yomaliza: ½ × 5 × 20 = 50 m. Zonse pamodzi ndi mamita 750. 900 uja musam'taye, ndi mpanda: yankho loona silingam'fike chifukwa ponyamuka ndi poima shapa inali pang'onopang'ono.

Tsimikizaninso powerenga timabokosi. Pa pepala ndinakupatsani, kabokosi kamodzi ndi masekondi 5 chogona ndi 5 m/s choimirira, ndiye kuti mamita 25. Pakati pali timabokosi 24, kumanzere tikukwana 4 mukalumikiza todukaduka, kumanja 2. Tonse 30, kuchulukitsa ndi 25, mwabwerera pa 750. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imagwirabe ntchito mzere ukakhala wokhota, pamene thirayango sizithandiza, ngakhale yankho limakhala longoyandikira.

Lolemba mubwere mutajambulanso galafuyi ndi rula, koma buleki itenge masekondi 10. Musanawerengere, lembani pamwamba ngati mtunda uchuluke kapena uchepe, ndi chifukwa chake.

Mphunzitsi wanu wa fizikisi