Tikhale Pamkeka, gawo 14: Nyanja yothawa ndi kubwerera

Pulogalamu ya Lachinayi, 7 koloko madzulo, situdiyo yaing'ono. Chiyambi chonse chisapitirire mphindi 6.
Woyendetsa: Chikondi Namaona
Alendo: Bambo Witinesi Makwinja, Mayi Esinati Mpinda, Bambo Lasitoni Chirombo

Kwa anzanga a makamera ndi olemba maina pa sikirini: Bambo Makwinja akhale pakati, pafupi ndi Chikondi, chifukwa khutu lawo lakumanzere silimva bwino. Mipando yonse ikhale yofanana msinkhu. Maina muwakope monga alili pano, musawalembe kuchokera m'mutu. Sabata yatha tinasiya chilembo chimodzi pa dzina la mlendo ndipo abale ake anaimba foni mpaka usiku. Mzere uliwonse wa dzina ukhale masekondi 6, ndipo wa pa malonje uchoke mlendo asanayambe kuyankha funso lenileni.

0:00
CHITHUNZI: m'bandakucha pa doko la Kachulu, mabwato ali pamatope, phiri la Chisi kumbuyo. Nyimbo isayambe. Timve mphepo ndi mbalame kwa masekondi 5.

CHIKONDI (mawu okha, sakuoneka): Kuli nyanja ina m'dziko muno imene mtsinje uliwonse umalowamo, koma palibe wotulukamo. Chaka china ungaiwoloke pa bwato la injini. Chaka china ungaiwoloke wapansi, nsapato zili kumanja.

CHITHUNZI: matemba oyanikidwa pathandala, dzanja la mayi likuwatembenuza. Kamera iyandikire mpaka tione mamba akung'anima.

CHIKONDI (mawu okha): Ndiwo zimene mwadyera nsima masana ano ku Limbe, ku Ndirande kaya ku Chinamwali, mwina zavuulidwa m'menemu.

0:30
NYIMBO YOTSEGULIRA, masekondi 12. Dzina la pulogalamu lituluke, kenaka situdiyo.

KAMERA 1, Chikondi yekha.

MZERE WA PANSI:
CHIKONDI NAMAONA
Tikhale Pamkeka

CHIKONDI: Mwaswera bwanji nonse kumene muli, akuluakulu ndi ana omwe. Mkeka tayala, fikani. Ine ndine Chikondi Namaona, ndipo madzulo ano tikupita kunyanja ya Chilwa.

Kwa amene simunafikeko, Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula kuno ku Malawi. Yagona m'maboma atatu, Zomba, Phalombe ndi Machinga, ndipo tsidya lake lakum'mawa ndi malire ndi Mozambiki. Madzi ake amatsika m'mapiri a Zomba ndi Mulanje kudzera mu Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani. Akafika, afika. Njira yotulukira ndi imodzi yokha, ya kumwamba, dzuwa likawawamba. N'chifukwa chake madziwo amamveka kamchere pakamwa.

CHITHUNZI: mapu a nyanja, mitsinje iziwala umodzi umodzi Chikondi akamaitchula. Mapu achoke pa liwu lakuti "kamchere".

KAMERA 1, yandikirani pang'ono.

CHIKONDI: Ndipo si yakuya. Mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu motsatizana, nyanja imayamba kubwerera m'mbuyo, gombe n'kumatalikira mudzi tsiku ndi tsiku. Inauma mu 1968. Inaumanso mu 1995. Mu 2018 mbali yaikulu inasanduka thope long'ambika, mabwato ali gada padzuwa. Ndiye mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, madzi n'kubwera ochuluka kuposa amene anthu ankapempha.

MZERE WA PANSI (mutu wa lero, ukhale masekondi 10):
NYANJA YA CHILWA
Ikadzaumanso, idzabwerera?

CHIKONDI: Anthu a kumeneko amati musadandaule, nyanja yathu imapita koma imabwera. Akunena zoona, mpaka lero yakhala ikubwera. Nsomba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, madzi akabwerera zimatsika, matemba n'kuswana ngati sanachokepo. Koma maiwe amenewo lero akukwiririka ndi mchenga wochokera m'mapiri ometedwa mpala, ndipo madzi a m'mitsinje akupatutsidwira m'minda asanafike kunyanja. Funso lathu ndi limeneli: kodi tikudalira lonjezo limene nyanja sinatilonjeze?

Kwa Chikondi: pumulani kaye apa, masekondi 2. Musathamangire alendo. Mawu akuti "lonjezo" ndi amene tibwererepo kumapeto kwa pulogalamu.

2:10
KAMERA 3, mkeka wonse, alendo atatu aoneke.

CHIKONDI: Sindili ndekha. Ndili ndi anthu atatu amene nyanjayi amaidziwa ndi mapazi awo, ndipo ndikuuzirenitu kuti sagwirizana pa zambiri. M'galimoto pobwera kuno akuti mkangano unayambira pa Matawale.

KAMERA 2, Bambo Makwinja.

CHIKONDI: Ndiyambe ndi akulu. Bambo Witinesi Makwinja anabadwira pa chilumba cha Chisi. Nyanja ikuuma mu 1968 anali ndi zaka 10, ndipo amakumbukira akuyenda pambuyo pa mayi awo kuchoka pachilumba mpaka kumtunda, mtanda wa mchere uli pamutu. Akhala akuwedza moyo wawo wonse. Zaka zambiri anazigonera pa chimbowera, kanyumba koyandama kamene asodzi amamanga pa udzu wa m'nyanja, kuphika pomwepo, kugona pomwepo, miyezi osaponda dothi. Agogo, takulandirani, mwayenda bwanji?

MZERE WA PANSI:
WITINESI MAKWINJA
Msodzi, chilumba cha Chisi

(Bambo Makwinja ayankhe malonje. Asadulidwe ngakhale atalikitse, ndi mwambo.)

Kwa olemba maina: musaonjezere "wopuma". Ndinawafunsa pafoni ndipo anakana kwamtuwagalu, akuti msodzi sapuma, amangosiya kupalasa.

KAMERA 2 isunthire kwa Mayi Mpinda.

CHIKONDI: Kumanja kwawo kuli Mayi Esinati Mpinda. Iwowa amalima mpunga m'mbali mwa Likangala, ndipo ndi mmodzi mwa amene amagawa madzi m'ngalande kuti lero athirira awa, mawa awa. Asodzi akamadandaula kuti mitsinje ikufika kunyanja ili yowonda, chala chimaloza kwa alimi ngati iwowa. Koma musafulumire kuweruza. Mayi Mpinda kale ankagula matemba pa Kachulu n'kumakagulitsa mumsika wa Zomba. Mu 2018 geni ija inafa pamodzi ndi madzi, ana anayi ali pasukulu, ndiye anatenga khasu. Mayi, zikomo pobwera, kunyumba mwasiyako bwanji?

MZERE WA PANSI:
ESINATI MPINDA
Mlimi wa mpunga, Likangala

(Mayi Mpinda ayankhe malonje. Abweretsa kathumba ka mpunga kuti akupatseni. Landirani ndi manja awiri, ikani patebulo poonekera. KAMERA 3 igwire zimenezi.)

MZERE WACHIWIRI, utuluke akatchula za msika:
ESINATI MPINDA
Kale ankagulitsa matemba ku Zomba

KAMERA 2, Bambo Chirombo.

CHIKONDI: Ndipo chakuno kuli Bambo Lasitoni Chirombo, amene anagwira ntchito ya ulangizi wa za nsomba m'magombe a Chilwa kwa zaka 26 asanapume. Anayeza nsomba pa sikelo, anakhala pansi pa mitengo ndi makomiti a m'magombe, ndipo inde, analandako makoka a maso ang'onoang'ono. Akuti limodzi mwa makokawo mwini wake ali nafe pamkeka pano.

(Apa aseka. Asiyeni aseke. KAMERA 3, tione nkhope ya Bambo Makwinja.)

CHIKONDI: Achikulire, mwalandiridwa.

MZERE WA PANSI:
LASITONI CHIROMBO
Mlangizi wa za nsomba wopuma

Kwa Chikondi: Bambo Chirombo sakuyankhulira boma kapena ofesi iliyonse, anenetsa zimenezi. Mukawafunsa za malamulo, afunseni zimene anaona ndi maso, osati zimene akuluakulu akuganiza. N'chifukwa chakenso pa mzere wawo sitinalembe dzina la ofesi. Amakonda kuponyamo Chingelezi akatenthedwa. Mukamva, muwabweze mwaulemu kuti agogo a kumudzi amve nawo.

4:05
KAMERA 1.

CHIKONDI: Pali wina amene sitinathe kumuitana. Mu 1996 dambo la Chilwa linalembedwa pa mndandanda wa Ramsar, pangano la maiko loteteza madambo ofunika, ndipo linali loyamba kuno kwathu kulowa m'menemo. Chifukwa chachikulu chinali mbalame za m'madzi, zina zochokera kutali kwambiri kudzathawa chisanu. Mbalame sizidziwa malire a Zomba ndi Machinga. Koma nsomba zikasowa, msampha umatembenukira kwa izo, pakuti mphika sudikira. Za osaka mbalame tikamba m'chigawo chachiwiri.

CHITHUNZI: gulu la mbalame likunyamuka m'mabango, masekondi 4, kenaka bwererani ku situdiyo.

CHIKONDI: Inu kunyumba, makamaka a ku Kachulu, ku Mposa, ku Swang'oma ndi magombe ena onse, tikufuna kumva mawu anu. Titumizireni uthenga, mutiuze dzina la mudzi wanu ndi pamene madzi ali lero: afika pamtengo uti, atalikira nyumba ya yani. Tiwerenga tikabwera kopuma.

MZERE WOYENDA PANSI, uzibwera mphindi 5 zilizonse:
Madzi afika pati kwanuko? Tiuzeni dzina la mudzi ndi gombe lanu

Kwa osankha mauthenga: otukwana alimi kapena asodzi musawapereke. Otchula munthu dzina kuti ndi wakuba kapena wolandira ziphuphu, ayinso. Koma odzudzula ife, aperekeni.

4:50
KAMERA 3, kenaka KAMERA 2 iyandikire Bambo Makwinja pang'onopang'ono. Nyimbo izimiriretu.

CHIKONDI: Agogo, ndiyambe ndi inu, poti nyanjayi mwaiona ikufa katatu. Mlamba, makumba, matemba, zonse munaziona zikupita n'kubwera. Ana anu ndi adzukulu amati agogo anati imabwera. Koma dzana pafoni munandiuza mawu amene andisowetsa tulo. Munati mu 1995 simunaope, koma mu 2018 munaopa. Chinasiyana n'chiyani?

MZERE WA PANSI, ubwerezedwe akangoyamba kuyankha:
WITINESI MAKWINJA
Anaona Chilwa ikuuma mu 1968, 1995 ndi 2018

Kwa Chikondi: akayamba, musalowerere, ngakhale akhale chete kwa kanthawi. Pafoni anafotokoza za dziwe lina la mu Likangala limene ali mnyamata ankamira nalo mutu, kumene mafumu ankaletsa kuthira katupe kuti mbewu ya nsomba isathe. Akuti atapitako mu 2018 madzi analekeza m'maondo, pansi pali mchenga wokhawokha. Akafika pamenepo, KAMERA 3 itembenukire kwa Mayi Mpinda, chifukwa munda wawo uli chakumtunda kwa dziwelo ndipo iwo akudziwa. Funso lachiwiri ndi lawo: "Mayi, madzi amene mumapatutsa aja, mukanasiya, ana akanadya chiyani?"