Zoona kapena zabodza: perimita, eriya ndi voliyumu (Kalasi 6, Ulongwe)

Ana inu, m'kope mwanu lembani nambala ya funso, kenaka ZOONA kapena ZABODZA, ndi chifukwa chake. Jambulani, yezani, werengerani. Yankho lopanda chifukwa sindichonga. Kumbukirani: perimita ndi utali wa m'mphepete monse kuzungulira, eriya ndi kukula kwa malo a m'kati, voliyumu ndi kuchuluka kwa zimene zingalowe m'chinthu.

1. Amayi awiri a ku Domwe amanga mipanda ya mamita 40 aliyense kuzungulira madimba awo. Ndiye kuti malo odzala kabichi ndi ofanana.
2. Munda wa eriya yaikulu umafuna mpanda wautali nthawi zonse.
3. Tikachulukitsa kawiri mulitali ndi mulifupi mwa chipinda, perimita imachuluka kawiri.
4. Eriya ya chipinda chomwecho imachulukanso kawiri.
5. Mukadula kasikweya pa ngodya ya kapulana, perimita ya kapulanayo imachepa.
6. 1 m² = 100 cm².
7. Chigubu chachitali chimalowa madzi ambiri kuposa chachifupi nthawi zonse.
8. Kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse kamalowa lita imodzi.
9. Thanki ya 1 m³ imadzaza zigubu 50 za malita 20.

Mayankho (mutembenuze mukamaliza)

1. Zabodza. Dimba la 10 m kwa 10 m lili ndi 100 m². La 18 m kwa 2 m mpanda wake ndi mamita 40 omwewo, koma malo ndi 36 m² basi. Funso ili ndimalikonda chifukwa ngakhale akuluakulu limawapunthwitsa: amayenda m'malire a munda wa mbatatesi ku Tsangano, n'kuganiza kuti adziwa kukula kwake. Tengani chingwe, muchimange nsonga, muchiyale pansi ngati sikweya, kenaka muchikoke chikhale chowonda. Onani mmene malo a m'kati akuthera chingwe chili chomwecho.

2. Zabodza. Wa 6 m kwa 6 m: 36 m², mpanda mamita 24. Wa 15 m kwa 2 m: 30 m², mpanda mamita 34.

3. Zoona.

4. Zabodza, imachuluka kanayi. Chipinda cha 3 m kwa 4 m ndi 12 m², cha 6 m kwa 8 m ndi 48 m². Wogula simenti ya pansi atawerengera kawiri, ntchito idzamuthera pakati.

5. Zabodza. Eriya yachepa, koma mbali ziwiri zimene zachoka zalowedwa m'malo ndi ziwiri zatsopano zofanana nazo utali. Yendetsani chala m'mphepete muone.

6. Zabodza. 100 × 100 = 10 000 cm².

7. Zabodza. Nanga kutambalala kwake? Botolo lalitali la malita 2 silingapose beseni lalifupi lochapiramo.

8. Zoona. 10 × 10 × 10 = 1 000 cm³, yomwe ndi lita imodzi.

9. Zoona. 1 m³ ndi malita 1 000, ndipo 1 000 ÷ 20 = 50.

Amene mwalakwa 1 kapena 5, Lolemba mubwere ndi chingwe cha mita imodzi ndi pepala lakale, tidzayezere limodzi panja.