Mafuno abwino a Khirisimasi kwa anansi athu atsopano

Eliya 25, Lilongwe
23 Disembala

Zikomo bambo ndi mayi a m'nyumba ya pakona,

Takulandirani ndi manja awiri m'dera lathu lino. Mpaka pano tangopatsana moni pamsewu, maina sitinauzane, komabe sitingalole kuti Khirisimasi idutse osakufunirani zabwino. Mukhale ndi chisangalalo chamtendere, ndipo mulowe chaka chatsopano muli ndi moyo wathanzi, inu pamodzi ndi ana.

Mwana amene wabweretsa kalatayi watenganso botolo la thobwa la malita 2, la chimera cha mawere. Muliike pozizira ndipo chitsekero musachimange kwambiri. Kutentha kwa Disembala kumasasitsa thobwa msanga, moti botolo lotseka zolimba limafufuma n'kukuthirani kumaso potsegula. Mumwe lero kapena mawa.

Pa 25 Disembala tikukuitanani kunkhomaliro, 1 koloko masana, tikabwera kutchalitchi. Kudzakhala mpunga wa Kilombero, nkhuku ya lokolo ndi chibwabwa chotendera. Musavutike kunyamula kanthu. Ngati pali chakudya chimene simudya, kaya chifukwa cha chipembedzo kapena thanzi, mutiuze mawa lisanathe kuti tikonze china.

Poti ndinu achilendo, tikunong'onezeni zingapo. Zogula zonse mumalize mawa m'mawa kumsika wa Nsungwi, chifukwa madzulo a pa 24 nkhuku zonenepa zimakhala zatha ndipo zotsalazo mtengo wake umakwera. Mayunitsi a magetsi muguliretu, makala mukhale nawo, ndiponso mutungiretu madzi ndowa zitatu kapena zinayi; mvula yamphamvu ikagwa magetsi amatha kuzima, mipope n'kuuma.

Chachikulu ndi ngalande yodutsa pageti lanu. Nyumba yanuyo ili kumunsi, ndiye madzi onse a mumsewu wathu amathera pamenepo. Mapepala apulasitiki ndi mchenga zikatseka pakamwa pa paipi ya pansi pa mlatho wolowera kwanu, madzi amabwerera m'mbuyo, kudzaza bwalo mpaka pakhonde. Ntchito yake ndi ya mphindi 20 zokha: kufukula mchenga ndi fosholo, kenako kutokosa m'paipimo ndi nsungwi yaitali. Mchengawo muutaye patali, apo ayi mvula yotsatira iubwezera momwemo. Fosholo tili nayo, mudzabwereke.

Usiku wa pa 24 ndi wa pa 31 anthu ambiri amakachezera kumapemphero, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Mukamachoka mutiuze kuti tiziyang'anako, musiye getsi lapakhonde loyaka, zovala musazisiye pachingwe. Phokoso la pakati pa usiku wa pa 31 lisakudzidzimutseni, amakhala makombola a ana olandirira chaka. Galu wanu wamng'onoyo mudzamutsekere m'nyumba kuti asathawe ndi mantha.

Mukafuna chilichonse, ngakhale mchere, ingogogodani.

Ndife anansi anu,
a m'nyumba ya geti lobiriwira, pamene pali mtengo wa mango