Malangizo kwa Olemba Mitu ya Buku la Mbiri ya Chinenero Chathu: Kalembedwe ka Maumboni

Kwa inu nonse amene mukulemba mitu ya bukuli,

Zolemba zanu zoyamba tazilandira ndipo taziwerenga. Nkhani zake n'zabwino, koma pa maumboni aliyense wadzera njira yake. Ena mwamasulira maina a mabuku a Chingerezi kuwaika m'Chichewa, ena mwakonza masipelo a mabuku akale kuti afanane ndi a masiku ano, ndipo buku limodzi lomwelo latchulidwa mosiyanasiyana m'mitu yosiyana. Tikupemphani kuti pokonzanso mitu yanu mutsate zimene zili m'munsimu. Chimene tikufuna n'chakuti wowerenga akanyamula umboni wanu n'kupita nawo kulaibulale, akalipeze bukulo popanda kufunsa kawiri.

Dzina la buku likopedwe monga lilili

Tsegulani tsamba loyamba la buku, pomwe pali dzina lake, la mlembi ndi la osindikiza, n'kukopera lembo ndi lembo. Musakonze kanthu. Baibulo la 1922 dzina lake ndi *Buku Lopatulika ndilo Mau a Mulungu*. Ife lero timalemba "mawu", koma m'dzina la bukulo mulibe w, ndiye musamuikemo. Dikishonale ya Johannes Rebmann ya 1877 imatchedwa *Dictionary of the Kiniassa Language*. "Kiniassa" si cholakwa cha osindikiza ayi. Rebmann ankalemba ali kufupi ndi Mombasa, kumene maina a zinenero amayamba ndi ki-, ndipo mawuwo ankawamva kwa Salimini, munthu wochokera kuno yemwe anagwidwa ukapolo. Mukasintha n'kulemba "Chinyanja" mwafufuta mbiri yonseyo, komanso mwatchula buku limene kulibe.

Pali chinanso chimene tachiona m'mitu ingapo. Chifukwa choti mu 1968 boma la Malawi linasintha dzina la chinenero kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa, ena mwaganiza kuti mabuku akale nawonso asinthe maina. Sizitero. *Dictionary of the Nyanja Language* ya 1929, imene Alexander Hetherwick anakonza kuchokera pa ntchito ya David Clement Scott, ikhale choncho. Mabuku a ku Zambia amene amalemba "Cinyanja" ndi c yekha akhalenso choncho. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, akukhudza ziganizo zanu inuyo, osati maina a mabuku a anthu ena.

N'chimodzimodzi ndi mawu amene mwatapa m'buku lakale: asiyeni ndi masipelo awo, kaya ndi "cifukwa", kaya "bvuto", kaya "pfumbi". Musavutike kuika chizindikiro pa liwu lililonse chosonyeza kuti si inu mwalakwitsa. Tidzanena kamodzi m'mawu otsogolera kuti zotapa zonse zili monga zinasindikizidwira.

Dzina la mlembi

Apanso tsatani bukulo. Mlembi wa *Nthondo* ambiri timamutchula kuti Nthara, ndipo m'ziganizo zanu mutha kulemba "a Nthara", koma pa mabuku ake panasindikizidwa kuti Ntara ndipo m'malaibulale amapezeka pa dzina limenelo. Mu mndandanda wa maumboni lembani Ntara. Mu mndandandamo mulibe "a", "Bambo", "Abusa", "Dokotala" kapena "malemu". Tikudziwa kuti kulemba dzina la munthu wamkulu lopanda ulemu kumamveka ngati mwano, makamaka kwa inu amene munaphunzitsidwa ndi ena mwa alembiwa. Ulemuwo uperekeni m'nkhani yanu, momwe muli malo okwanira. Mndandanda umayenda motsata alifabeti ya dzina la kumtundu, ndipo aliyense akayamba ndi "a" ndiye kuti onse aunjikana pa lembo limodzi.

Ndondomeko ya umboni

Mkati mwa nkhani ikani dzina la mlembi, chaka ndi tsamba m'mikutiramawu, chonchi: (Mapanje 1981: 12). Kumapeto kwa mutu wanu yambani ndi dzina la kumtundu, kenako zilembo zoyamba za maina ena, chaka, dzina la buku m'zilembo zopendekera, mzinda ndi osindikiza. Dzina la ndakatulo, nthano kapena nkhani ya m'nyuzipepala likhale m'mitengero, ndipo chopendekera chikhale dzina la buku kapena nyuzipepala imene mwaipezamo. Buku lolembedwa ndi bungwe limayamba ndi dzina la bungwelo, losamasulira:

Centre for Language Studies. 2000. *Mtanthauziramawu wa Chinyanja*. Blantyre: Dzuka.

Timawu tothandizira tikhale m'Chichewa: "mkonzi" kapena "akonzi", "womasulira", "tsamba", "kusindikiza kwachiwiri", ndi "chaka sichinalembedwe" pa timabuku ta kumishoni tambiri timene tinatuluka popanda chaka. Musaganizire chaka n'kuchilemba ngati chinasindikizidwa pabukupo.

Kumasulira maina a mabuku a zinenero zina

Apa ndi pamene pasokonekera kwambiri. Owerenga athu ambiri ndi aphunzitsi ndi ophunzira a Chichewa, ndipo n'zoona kuti ayenera kumva chimene dzina la buku likunena. Choncho masulirani ndithu, koma dzina lenileni litsogole, ndipo kumasulira kwanu kubwere pambuyo m'mikutiramawu yamakona, m'zilembo zoongoka:

Mapanje, J. 1981. *Of Chameleons and Gods* [Za anamzikambe ndi milungu]. London: Heinemann.

Zilembo zoongokazo zikuuza wowerenga kuti dzina la Chichewalo ndi lanu, palibe buku losindikizidwa lotchedwa choncho. Taonani chimene chingachitike dzina lenileni likachotsedwa: wina alemba namzikambe, wina bilimankhwe, wina tonkhwetonkhwe, aliyense monga amanenera kwawo, ndipo buku limodzi lasanduka atatu. Pomasulira musakometsere kapena kusandutsa dzina kukhala mwambi. Nenani chimene likunena basi. Lembo lalikulu likhale pa liwu loyamba ndi pa maina a anthu kapena malo pokha. Masulirani kamodzi, mu mndandanda. Mkati mwa nkhani gwiritsani dzina lenileni.

Mabuku a Chipwitikizi, amene olemba mitu ya Amaravi ndi ya ku Tete mukuwatchula kwambiri, maina ake amakhala aatali. Mutha kuwadula pamalo pomveka, koma masipelo ake asasinthe:

Gamitto, A. C. P. 1854. *O Muata Cazembe e os povos Maraves, Chevas, Muizas, Muembas, Lundas e outros da Africa austral* [Mwata Kazembe ndi mitundu ya Amaravi, Achewa, Abisa, Abemba, Alunda ndi ina ya kumwera kwa Afirika]. Lisboa: Imprensa Nacional.

Onani kuti m'dzina lenileni muli "Chevas" ndi "Cazembe", pomwe m'kumasulira kwathu muli Achewa ndi Kazembe. Mabuku a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chiswahili achitidwe chimodzimodzi. Musaganize kuti poti Chitumbuka n'cha kwathu konkuno ndiye aliyense achimva. Ngati chinenerocho simuchidziwa bwino, tiuzeni tikupezereni wothandiza, kusiyana n'kulota tanthauzo.

Buku limene linamasuliridwa kale n'kusindikizidwa

Iyi ndi nkhani ina. *Nthondo* inatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi n'kuitcha *Man of Africa* mu 1934. Awa ndi mabuku awiri, masamba ake ndi osiyana, ndipo mawu a m'buku lachiwirilo anawasankha ndi Young. Tchulani limene munawerengadi. Ngati ndi la Chingerezi, lembani chonchi:

Ntara, S. Y. 1934. *Man of Africa*. Womasulira T. Cullen Young. London: Religious Tract Society. Loyamba m'Chinyanja: *Nthondo*, 1933.

Pano musamasulire *Man of Africa* kukhala "Munthu wa mu Afirika", popeza dzina la Chinyanja lilipo kale ndipo ndi limene wowerenga ayenera kulidziwa. Chomwechonso ndi *The History of the Chewa* ya 1973, imene W. S. Kamphandira Jere anamasulira kuchokera ku *Mbiri ya Achewa*, ndi *King Kazembe* ya 1960, momwe Ian Cunnison anaika buku la Gamitto lija m'Chingerezi. Amene simuwerenga Chipwitikizi tchulani la Cunnison. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Tikuchenjezeni pa chinthu chimodzi: musatenge ndime ya Chingerezi ya buku limene linalembedwa m'Chinyanja, n'kuibwezera nokha m'Chichewa, n'kuiika m'mitengero ngati ndi mawu a mlembi. Amenewo si mawu ake, ndi mawu amene adutsa m'kamwa mwa anthu awiri. Funani buku loyambalo. Likapanda kupezeka, fotokozani ganizolo m'mawu anu popanda mitengero. Mukamasulira nokha ndime ya chinenero china, lembani pambuyo pake kuti "kumasulira n'kwanga", ndipo mawu enieniwo akhale pansi pa tsamba.

Baibulo

Tchulani buku, mutu ndi ndime, ndipo nenani Baibulo lake: *Buku Lopatulika*, *Malembo Oyera* kapena *Buku Loyera* la 1998. Maina a mabuku a mkatimo atengedwe m'Baibulo lomwelo, poti amasiyana: kumene lina likuti Machitidwe a Atumwi, lina likuti Ntchito za Atumwi. *Buku Lopatulika* lasindikizidwa kambirimbiri ndipo masipelo ake anakonzedwapo, ndiye lembaninso chaka cha limene muli nalo m'manja.

Maina a malo

Mzinda wa osindikiza ulembedwe monga uli pabuku: Lisboa, Salisbury, Fort Jameson. Ngati dzina linasintha, onjezani la lero m'mikutiramawu yamakona, monga Fort Jameson [Chipata] kapena Port Herald [Nsanje]. M'nkhani yanu gwiritsani dzina la lero, pokhapokha ngati mukutapa mawu.

Zimene munamva pakamwa

Nyimbo, nthano ndi mbiri zimene munauzidwa ndi maumboni ndithu, ndipo zilembedwe pazokha pansi pa mutu woti "Ofunsidwa": dzina, mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku ndi chinenero chimene munacheza. Dzina lilembedwe ngati mwini wake anavomera; apo ayi, lembani "mayi wachikulire" kapena "mkulu wa kumudzi" ndi dera lake. Pa nkhani za chinamwali ndi gule wamkulu funsaninso kachiwiri musanatchule munthu.

Potaipa

Makompyuta amakonda kukonza okha mawu amene sakuwadziwa, ndipo maina ambiri aonongekera pamenepo. Zimitsani kukonza kokhako musanayambe kulemba maumboni. Zizindikiro za pa zilembo zisatayike: ã ndi ç za Chipwitikizi, nkhodolero ya m'mawu ngati Mang'anja, ndi ŵ pamene buku linamuika. Mu Word, ŵ amatuluka mukalemba nambala yake n'kudina mabatani awiri pamodzi:

```
U+0175 Alt+X
```

Wamkulu, Ŵ, ndi U+0174. Pamene buku silinamuike, musamuonjezere.

Mitu yokonzedwa itifike pasanafike pa 30 Juni. Pa buku lililonse lotuluka chisanafike chaka cha 1968, komanso lililonse losakhala la Chichewa kapena Chingerezi, tumizaninso chithunzi cha tsamba loyamba lija, ngakhale chojambula pafoni, kuti tiyerekeze ndi zimene mwalemba tisanapereke bukuli kwa osindikiza.

Ndife,
Akonzi a bukuli