Dzina la Okala

Wolemba zikwangwani anali atatsegula kale chitini cha penti, koma Nabanda ndi ana ake anali asanamvane.

"Lembani kuti Adani Manyazi," anatero Nabanda, akukhuthulira mpunga wa Kilombero m'beseni.

"Amayi, ayi!" anakana Mphatso. "Msika wonse wa Zigwagwa udziwa kuti mukunena azakhali. Anthu azibwera kudzagula mpunga kapena kudzamva za mkangano?"

"Suja ankati sindingathe? Bambo ako atamwalira, iwo aja anatenga ndi malata omwe."

Chikondi, chitsirizira, ankafuna dzina la Chingerezi ngati la masitolo a m'tauni. Mayi ake sanamuyankhe n'komwe.

Mvula yowaza inayambanso, ndi kachisanu kake ka ku Mzuzu. Mphatso anakokera mkati thumba la usipa wa ku Nkhata Bay, kenako anatsitsa mawu.

"Zaka zonse zija munkayala malonda pansi, kulawira mbandakucha kuchokera ku Chibavi dengu lili pamutu, munkavutikira azakhali? Nanga bwanji akhale iwo pamwamba pa katundu wanu tsiku ndi tsiku?"

Nabanda anakhala chete kanthawi, akusalaza mpunga ndi chikhatho.

"Agogo anu anagulitsa mbuzi yawo yomaliza kuti ndipeze mpamba," anatero. "Lembani kuti Kwa Nangozo."

"Osaikako Chingerezi ngakhale pang'ono?" anadandaula Chikondi.

"Udzaike ukadzatsegula yako." Anatembenukira kwa wolemba uja. "Achimwene, zilembo zikhale zikuluzikulu, zoti munthu aziwerenga ali kumsewu. Mtengo ndi womwe uja tinagwirizana."