Mawu otsegulira poteteza kafukufuku wa odwala chifuwa chachikulu amene amasiya mankhwala panjira

Wapampando, aphunzitsi amene mukundiyesa lero, ndi inu amene mwandiyang'anira pa ntchitoyi, zikomo pondipatsa mpata. M'mphindi zisanu zikubwerazi ndinena funso la kafukufukuyu, njira imene ndinatsata ndi chachikulu chimene ndapeza.

Wodwala chifuwa chachikulu chomva mankhwala amamwa mankhwalawo miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mitundu inayi, miyezi 4 yotsatira mitundu iwiri, isoniyazidi ndi rifampisini. Akalekeza panjira matenda amatha kuyambiranso, amapatsira ena, ndipo tizilombo timatha kusiya kumva mankhwala. Funso langa linali limodzi: amene amasiyawo amasiya pa mwezi uti, nanga n'chifukwa chiyani?

Ndinayamba ndi makaundula a zipatala zitatu, kuwerenga za akuluakulu amene anayamba mankhwala mu 2021 ndi 2022. Omwalira, osamutsidwira ku chipatala china ndi amene matenda awo samva mankhwala ndinawapatula. Wosiya ndinamutanthauzira monga limachitira bungwe la WHO: amene wadukiza miyezi iwiri yotsatizana kapena kuposerapo. Apa pali msampha. Malo osalembedwa m'kaundula satanthauza kuti wodwala sanabwere, chifukwa nthawi zina wolemba ndiye anadumpha. Choncho dzina lililonse ndinalifananiza ndi khadi lolandirira mankhwala, ndipo mayina 19 amene zolemba zake zinatsutsana ndinawachotsa. Anatsala 412. Kenako ndinacheza payekhapayekha ndi anthu 24 mwa amene anasiya.

Chimene ndapeza n'chakuti odwala ambiri sasiya pamene akuvutika, amasiya akayamba kupeza bwino. Mwa 412 aja, 53 anasiya, ndipo 34 mwa iwo anasiya m'mwezi wachitatu ndi wachinayi, chifuwa chitachepa, thupi litayamba kubwerera. Mwa 24 amene ndinacheza nawo, 15 anali atabwerera ku ntchito, ndipo maola olandirira mankhwala ankawombana ndi maola a ntchito. Odandaula kuti mankhwala ankawazunza m'thupi anali anayi okha. Uphungu wambiri pa zipatalazi umaperekedwa tsiku loyamba, pamene wodwala ali ndi mantha ndipo sangaganize n'komwe zosiya. Ine ndikuti uphungu wamphamvu ukufunikanso kumapeto kwa mwezi wachiwiri, pa tsiku losintha mankhwala.

Malire a ntchitoyi ndiwanene ndekha. Ndinacheza ndi okhawo amene ndinawapeza, ndipo amene anasamuka osasiya keyala mwina ali ndi zifukwa zina. Komanso kafukufukuyu akusonyeza nthawi ndi zifukwa zosiyira, sanayese ngati uphungu wachiwiriwo ungachepetse osiya.

Wapampando, ngati mungalole, ndiyambe ndi tebulo loyamba la m'mutu 4, pamene pali chiwerengero cha osiya mwezi ndi mwezi.