Pempho la kalata yondichitira umboni pa thandizo la maphunziro

Okondedwa a Dokotala,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ndine Tiyamike, mmodzi mwa ophunzira anu amene anamaliza digiri ya sayansi ya zachilengedwe mu 2021. Inu ndi amene munkandiyang'anira pa kafukufuku wa chaka chomaliza, uja woyeza madzi a m'zitsime zosatetezedwa nthawi ya mvula.

Ndalemba kalatayi kupempha ngati mungandilembere kalata yondichitira umboni. Ndikufunsira thandizo la ndalama lokachitira digiri yachiwiri, ya kasamalidwe ka madzi a pansi pa nthaka, ndipo opereka thandizolo akufuna makalata awiri. Ina alemba abwana anga a kuntchito, koma inayo akuti ichokere kwa mphunzitsi amene anaona yekha mmene ndimagwirira ntchito ya kafukufuku.

N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Magiredi anga awaona okha pa chikalata cha zotsatira za mayeso. Zimene sizikuoneka pamenepo ndi zomwe inu munaona: kuti zotsatira za zitsime zina zitasemphana ndi zomwe tinkayembekezera, ndinabwerera kukatunganso madzi n'kuyezanso, osangozichotsa mu lipoti. Ndinkatsogoleranso gulu la anzanga mu labotale, ntchito yomwe poyamba sindinaifune koma inu munaumirira. Mukaona kuti n'zoyenera kutchula, zimenezi zingandithandize kwambiri, chifukwa mafunso awo akutsindika pa luso la kafukufuku ndi utsogoleri. Komabe lembani monga mukundidziwira, ngakhale pamene ndinkafooka.

Chimalizireni sukulu ndakhala ndikugwira ntchito yoyeza madzi a m'mijigo. Kumeneko ndaona kuti kudziwa kuti madzi ndi oipa n'kosavuta. Chovuta n'kulondola kumene zoipazo zikulowera pansi pa nthaka, ndipo ndi zimenezo ndikufuna kukaphunzira.

Kalatayo akuti ikhale ya m'Chingerezi, yosapitirira masamba awiri, pa pepala la chidindo cha yunivesite, ndiponso yosainidwa. Mukavomera, ndilemba imelo yanu pa fomu ndipo iwo akutumizirani uthenga wokuuzani potumizira, moti kalatayo siidzera kwa ine. Tsiku lotseka ndi 28 Novembala, koma ikanafika pofika pa 21 mtima ukanakhala m'malo.

Ndatumiza limodzi ndi uthengawu chikalata cha zotsatira, mbiri ya maphunziro ndi ntchito yanga, zomwe ndalemba pofotokoza cholinga changa, komanso lipoti la kafukufuku uja kuti likukumbutseni.

Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yochonga mayeso ndipo ntchito yakuchulukirani. Ngati sizitheka, chonde mundiuze mosabisa sabata ino isanathe kuti ndipeze nthawi yopempha kwina. Ngati mungafune kuti tiyambe takambirana, ndikhoza kukuimbirani foni kapena kufika ku ofesi kwanu tsiku lomwe inu mungasankhe.

Zikomo kwambiri.

Ine wophunzira wanu wakale,
Tiyamike